Magazi Akaleka Kuundana: Malangizo kwa Azamba ndi Anamwino a ku Kapata

Malangizo awa ndi a inu azamba, anamwino ndi othandiza madokotala amene mumagwira ntchito usiku ku Kapata ndi m'zipatala zina zing'onozing'ono zotumiza odwala ku Chipata Central Hospital. Nkhani yake ndi vuto limene madokotala amalemba pa fayilo ndi zilembo zitatu, DIC. Tanthauzo lake ndi lakuti magazi akuundana mwachisawawa m'timitsempha ta thupi lonse, ndipo kuundana komweko n'kumene kukuchititsa kuti wodwala ataye magazi osaleka.

Poyamba zimamveka ngati zotsutsana, koma sizitsutsana. Magazi ali ndi zinthu zomatira bala. Zina ndi mapulatileti, tizidutswa timene timathamangira pabala n'kumatirirana. China ndi faibirinojeni, chinthu chopangidwa m'chiwindi chimene chimasanduka ulusi womanga tizidutswato kukhala mbulu wolimba. Matenda aakulu akalowa, thupi limayamba kumata paliponse, ngakhale pamene palibe bala. Zili ngati munthu amene wamwaza udzu wake wonse wofolerera pabwalo, mvula n'kumupeza denga lili pululu. Timibulu tosafunikato timatseka mitsempha ya impso, mapapo, ubongo ndi zala, pamene bala lenileni likusowa chomatira.

Vutoli silibwera lokha. Nthawi zonse pamakhala matenda ena amene aliyambitsa. Pano titsatira mayi woyembekezera, chifukwa m'chipinda chochiliramo ndi mmene mungakumane nalo mwadzidzidzi. Tiyerekeze kuti ndi usiku wa mu Julayi. Nthawi ya 21:40 afika mayi wa zaka 34, mimba yachisanu, ya milungu 36, wolemera makilogalamu 60. Apongozi ake anyamula chitenje chimodzi chokha chothimbirira magazi akuda.

1. Dziwani msanga mayi amene vutoli lingamugwere. Ikani chizindikiro pa fayilo ya mayi aliyense amene nsengwa yamatuka mwana asanabadwe, amene bipi yakwera kwambiri kapena wakomoka nayo, amene mwana anafera m'mimba milungu ingapo yapitayo, amene watentha thupi ndi kutulutsa zonunkha atachira kapena atapita padera, ndi amene wataya kale magazi ambiri. Chifukwa chake n'chakuti zonsezi zimathira m'mitsempha zinthu zodzutsa kuundana. Kumatuka kwa nsengwa ndiye kothamanga koposa. Kukafika popha mwana m'mimba, pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu amakhala magazi ake atasokonekera kale. Odwala ena amene si oyembekezera alinso pangozi yomweyi: wodwala amene tizilombo talowa m'magazi, wa malungo aakulu, wopsa ndi moto, wovulala pangozi ya pamsewu, ndi wolandira magazi osagwirizana ndi ake.

2. Musayeze kukula kwa vuto ndi magazi a pachitenje. Gwirani mimba. Werengani kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu, yezani bipi, kenako gawani kugundako ndi nambala ya pamwamba ya bipi. Yankho likafika pa 1 kapena kuposa, mayi wataya magazi ambiri, kaya mukuwaona kaya ayi. Nsengwa ikamatuka, magazi amatha kubisala kuseri kwake, m'kati mwa chiberekero, ndipo otuluka kunja amakhala ochepa. Mayi wathu mimba yake yauma gwa ngati thabwa, salola kuti muikhudze, ndipo mtima wa mwana sukumveka. Mtima wake ukugunda ka 124, bipi ndi 110/70. Munthu wothamanga angati bipiyo ili bwino. Koma tsegulani khadi la ku sikelo: mlungu watha inali 160/110. Kwa mayi ameneyu 110 ndi kugwa kwakukulu, ndipo 124 kugawa ndi 110 ikupitirira 1. Mayi woyembekezera amatha kutaya lita yathunthu kapena kuposa bipi isanatsike poonekera, n'chifukwa chake mtima ndi umene umayamba kukuuzani zoona. Musapime kunjira ndi zala mpaka zitatsimikizika kuti nsengwa sili pakhomo pa chiberekero, chifukwa chala chingatsegule mtsinje.

3. Yang'anani malo amene sayenera kutuluka magazi. Onani pamene munabaya singano mphindi khumi zapitazo: kodi thonje likunyowabe? Tsegulani pakamwa muone nkhama. Onani m'mphuno, m'maso, mkodzo, ndi pamkono pamene panamangidwa lamba wa bipi. Timadontho tofiira pakhungu, kapena mikwingwirima yopanda kumenyedwa, ndi chizindikiro. Pakhungu lakuda izi zimabisala, choncho tengani tochi muunike m'kati mwa milomo, m'zikope, m'manja ndi kuphazi. Onaninso magazi a m'beseni. Magazi abwino amagwirana m'mphindi zochepa n'kukhala ngati chiwindi. Magazi a wodwala uyu amakhalabe amadzimadzi, mukapendeketsa beseni amayenda. Bala limodzi lotuluka magazi likhoza kukhala vuto la balalo, koma malo atatu otalikirana akamachucha nthawi imodzi, vuto lili m'magazi enieniwo.

4. Ikani makanyula awiri aakulu nthawi yomweyo, ndipo tapani magazi musanalumikize diripi. Sankhani yotuwa ya nambala 16, ikasowa yobiriwira ya nambala 18, imodzi dzanja lililonse. Mitsempha imafota mayi akamafooka, ndipo umene mukuuona bwino panopa pakatha theka la ola sudzaoneka. Tapani okwanira mabotolo a ku labu: lowerengera magazi, loyezera gulu la magazi ndi kufananitsa, ndi la chivindikiro chabuluu ngati lilipo. Sungani mamililita 2 a ntchito ya pa nambala 5. Magazi otapidwa padzanja limene diripi ikuyenda amakhala osungunuka ndi madzi, ndipo zotsatira zake zimanama. Lembani dzina pa botolo lililonse muli pambali pa bedi, osati pa tebulo. Botolo losokonezeka dzina lingabweretse magazi a gulu lina, ndipo amenewo paokha amayambitsa vuto lomwe mukulimbana naloli.

5. Yezani kuundana kwa magazi m'dzanja lanu. Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa m'chipatala chopanda labu usiku, muyeso uwu ndi umene umadula mlandu, ndipo sufuna magetsi. Tengani kabotolo kagalasi kouma, kaukhondo, kopanda mankhwala alionse m'kati. Thiranimo mamililita 2 a magazi a mumtsempha. Lembani nthawi. Fumbatani kabotoloko m'dzanja kuti kakhale kofunda ngati thupi, ndipo musakagwedeze. Pakatha mphindi 4, kapendeketseni pang'onopang'ono muone ngati mbulu wayamba. Bwerezani mphindi iliyonse. Magazi abwino amagwirana mpaka mukhoza kuzondotsa kabotolo osatayika. Mphindi 7 zikakwana mbulu palibe, kapena ulipo koma wofewa wophwanyika mukangokhudza, magazi asokonekera. Njira imeneyi ili m'buku la bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, lothandiza azamba ndi madokotala pa zovuta za uchembere.

Pali zinthu zitatu zimene zimawononga muyesowu. Botolo la chivindikiro chofiirira ngati biringanya, kapena chabuluu, lili ndi mankhwala oletsa kuundana, ndiye magazi a munthu aliyense sangagwirane mmenemo. Botolo lapulasitiki limasokoneza nthawi. Kuliika pawindo usiku wozizira wa mu Julayi kumachedwetsanso mbulu. Ngati manja anu onse ali pa ntchito, patsani mnzanu afumbate ndi wotchi patsogolo. Musausokoneze muyesowu ndi uja wa wolumidwa ndi njoka, umene botolo limasiyidwa chilili mphindi 20 osakhudzidwa. Kumbukiraninso malire ake: umagwira vuto limene lakula kale. Mbulu ukapangika pa 21:50 sindiye kuti udzapangikanso pa 22:30. Bwerezani pakatha theka la ola ngati magazi akutulukabe. Mayi wathu magazi ake atapidwa 21:50. Pofika 21:57 akuyendabe m'botolo ngati madzi.

6. Imbani foni mphindi yomweyo. Itanani ambulansi, kenako imbani kuchipatala chachikulu mulankhule ndi dokotala wa amayi amene ali pa ntchito. Nenani mawu ochepa, m'ndondomeko yake: zaka ndi kulemera kwa mayi, chimene mukuganiza kuti chayambitsa, kugunda kwa mtima ndi bipi, ndipo potsiriza nenani momveka kuti, "Magazi sanaundane pa mphindi 7." Mawu amenewa amasintha zonse kutsogoloko. Pulazima, madzi achikasu a m'magazi amene amanyamula zomatira, amasungidwa ataumitsidwa gwa, ndipo kuwasungunula kumatenga pafupifupi theka la ola. Wogonetsa odwala ku fiyeta nayenso afunika kudziwiratu, chifukwa jakisoni wa pamsana ndi woopsa kwa munthu amene magazi ake sakugwirana. Kuchoka ku Kapata kufika ku Chipata Central Hospital ndi makilomita ochepa chabe, ndipo kufupika kumeneku n'kumene kungakunyengeni kuti muone kaye. Musaone kaye. Chimene mayiyu akusowa chili m'firiji ya nkhokwe ya magazi, ndipo m'kabati yanu mulibe. Inu amene muli kumidzi, kumene ulendo wa ku Chipata, ku Mwami kapena ku St Francis ku Katete ndi wa ola kapena kuposa, imbani musanatape n'komwe magazi a m'kabotolo, mukangogwira mimba youma ija.

7. Thirani madzi a diripi mwa muyeso, ndipo akhale ofunda. Mayi amene wafooka mupatseni lita yoyamba ya madzi amchere kapena a Ringer m'mphindi 15 mpaka 20. Yezaninso mtima ndi bipi, ndipo mverani m'chifuwa musanapachike yachiwiri. Mukadutsa malita 2 popanda magazi, funsani dokotala pa foni musanapitirize. Madzi a diripi amadzaza mitsempha, koma alibe chomatira ngakhale chimodzi, ndipo akachuluka amasungunula zochepa zimene zatsala. Mayi wa bipi ngati wathuyu ali ndi ngozi inanso: madzi amathawira msanga m'mapapo. Cholinga chanu n'chakuti akhale wozindikira, mtima utsike pang'ono, mkodzo uzituluka. Ikani kapaipi ka mkodzo ndipo muziwerenga ola lililonse. Mkodzo wochepera mamililita 30 pa ola ukusonyeza kuti impso zayamba kuvutika. Ngati mpweya wa okosijeni ulipo, mupatseni.

8. Fundikani wodwala. Chotsani zitenje zonyowa pansi pake, muyale zouma, mumufundike bulangete, mutseke mawindo. Mabotolo a diripi afundeni pathupi lanu kapena m'madzi ofunda, osati otentha. Ntchito imeneyi imaoneka yaing'ono ndipo kawirikawiri imaiwalika pachipwirikiti, koma ine ndimaiika pamzere umodzi ndi mankhwala. Zomatira za m'magazi zimagwira ntchito bwino thupi likakhala pa madigiri 37. Likatsika pansi pa 35 zimachita ulesi, ngakhale zitakhalapo zokwanira. Mayi wogona pa pulasitiki yonyowa usiku wa mu Juni kapena Julayi kuno ku Chipata, madzi ozizira akulowa m'manja onse awiri, amazizidwa msanga kwambiri. Apa apongozi angakuthandizeni. Auzeni kuti, "Amayi, tengani bulangete ili muwafunditse mpaka m'mapewa, ndipo musawasiye." Munthu wopatsidwa chochita amasiya kulira pakhomo.

9. Tsekani gwero la magazi, chifukwa vutoli silitha chimene chaliyambitsa chikadalipo. Pa kumatuka kwa nsengwa, mankhwala enieni ndi kuti chiberekero chikhale chopanda kanthu ndipo chikungike. Ngati mayi sanayandikire kuchira, musamusunge, apite. Koma matenda a mtundu uwu amathamanga. Mayi wathu pa 22:15, ambulansi isanafike, wabereka mwana wakufa kale, nsengwa yatuluka pomwepo, ndipo kuseri kwake kwatuluka mibulu yakuda yodzaza beseni laling'ono. Tsopano magazi ofiira amadzimadzi ayamba kuyenderera.

Chitani izi motsatana, ndipo ngati muli awiri chitani nthawi imodzi. Tikitani chiberekero mpaka chilimbe. Perekani okisitosini mayuniti 10 pang'onopang'ono mumtsempha, kenako mayuniti 20 mu lita imodzi ya diripi pa madontho 60 pa mphindi. Chikakanabe kulimba, ikani pansi pa lilime misopulositolo mamaikulogalamu 800, amene ndi mapiritsi 4 a 200. Egometirini musamupatse mayi wa bipi, chifukwa imakweza bipi mwadzidzidzi. Yalani nsengwa muone ngati yatuluka yonse. Unikani njira muone ngati yang'ambika. Pong'ambika pamene pakutumpha magazi sokani, koma pamene pakungochucha ponseponse tsinikizani ndi nsalu yoyera ya mabala, chifukwa bowo lililonse la singano limasanduka kasupe wina. Magazi akapitirira, finyani chiberekero ndi manja awiri, chibakera kunjira ndi dzanja lina pamimba. Mukhozanso kukanikiza mtsempha waukulu ndi chibakera pamwamba pang'ono pa mchombo, chakumanzere, mpaka kugunda kwa m'mphechepeche kutasiya kumveka. Ngati munaphunzira kuika kabaluni m'chiberekero, ikani musananyamuke. Okisitosini amene wakhala kunja kwa firiji m'kutentha kwa mu Okutobala amafooka, choncho ngati sakugwira ntchito, tengani wina wosungidwa pa madigiri 2 mpaka 8.

Gwero likakhala tizilombo, monga mayi wotentha thupi atachira kapena atapita padera, perekani mankhwala opha tizilombo mumtsempha m'ola loyamba, malinga ndi ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo, musanamukweze ambulansi. Zotsalira m'chiberekero zikachotsedwe kuchipatala chachikulu kumene kuli magazi pafupi.

10. Perekani tiranekisamiki asidi pasanathe maola 3 mwana atabadwa. Muyeso wake ndi galamu 1, ndiwo mamililita 10, mumtsempha, mililita imodzi pa mphindi, kwa mphindi 10. Mukathamangitsa, bipi imagwa. Magazi akapitirira pakatha mphindi 30, kapena akayambiranso pasanathe maola 24, perekani galamu ina. Mankhwalawa sapanga mbulu watsopano. Amaletsa thupi kusungunula mbulu umene lakwanitsa kupanga. Kafukufuku wotchedwa WOMAN, amene anatuluka mu 2017 ndipo anachitika pa amayi oposa 20,000 m'mayiko 21, Zambia ili momwemo, anapeza kuti akaperekedwa m'maola 3 oyamba, imfa za kutaya magazi zimachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Akachedwa kuposa apo, phindu silioneka. Chaka chomwecho WHO inalimbikitsa m'malangizo ake kuti aziperekedwa msanga. Mayi wathu walandira pa 22:25, mphindi 10 chibadwire mwana. Koma mankhwalawa ali ndi malire. Wodwala amene tizilombo talowa m'magazi, zala zikuda ndi kuzizira koma sakutaya magazi, musamupatse pa nzeru zanu zokha, chifukwa kwa iye mbali yoopsa ndi kutsekeka kwa mitsempha, ndipo mungaonjezere.

11. Lekani zonse zoboola thupi popanda chifukwa chachikulu. Musabaye jakisoni wa m'matako kapena pantchafu ngati mankhwalawo angadutse mumtsempha. Magazi amatha kudzaza m'mnofu mwakachetechete mpaka thako kutupa ngati dzungu. Mayi wa bipi amene akufunika magineziyamu, funsani dokotala pa foni za kaperekedwe kake, poti njira yozolowereka ili ndi majakisoni awiri a m'matako. Musapereke asipirini, burufeni kapena dayikilofenaki, chifukwa amafooketsa mapulatileti ochepa otsalawo ndipo amapweteka impso. Pa ululu perekani panado. Mukazula singano, tsinikizani pamalopo mphindi 5 zathunthu musanamate. Heparini, mankhwala ochepetsa kuundana, ali ndi malo ake pa odwala ena a vutoli, koma amene angagamule zimenezo ndi dokotala amene ali ndi zotsatira za ku labu m'manja, ndipo sapatsidwa munthu amene akutaya magazi.

12. Kwerani naye ambulansi, ndipo nyamulani umboni. Mzamba akhale pambali pa mayi, dzanja pa chiberekero, diso pa diripi. Ngati muli ndi chovala chija chofinya miyendo ndi mimba, muvekeni kuyambira kumapazi, ndipo chisavulidwe mpaka dokotala atalamula. Tengani mabotolo a ku labu, khadi la ku sikelo, ndi kabotolo kaja ka magazi osaundana kuti olandira akaone ndi maso awo. Pa kalata lembani nthawi ya chilichonse: nthawi yofika, yobadwa mwana, ya okisitosini, ya tiranekisamiki asidi, malita a diripi, mkodzo, ndi magazi otayika. Mawu akuti "wataya ambiri" sathandiza wina aliyense. Ngati muli ndi pulasitiki yoyalira ya mizere yoyezera, werengani pa mzere. Ngati mulibe, ikani zitenje zonyowa pa sikelo, muchotsepo kulemera kwa zouma: galamu imodzi ndi pafupifupi mililita imodzi. Maso amachepetsa magazi otayika pafupifupi nthawi zonse. Mayi wathu wanyamuka 22:35, wataya mamililita 1,400 owerengeka atachira, kuphatikiza mibulu ija ya kuseri kwa nsengwa.

13. Dziwani zimene zikachitike kutsogoloko, kuti muzitha kuwerenga fayilo ikabwerera. Palibe muyeso umodzi wa ku labu umene umanena wokha kuti ndi DIC. Madokotala amaphatikiza matenda oyambitsa, zimene akuona, ndi manambala atatu, ndipo amabwereza kuyeza kuti aone kumene manambalawo akulowera. Mapulatileti a munthu wabwino amakhala pakati pa 150 ndi 400. Akamatsika ola ndi ola, ngakhale asanafike pansi, akudyedwa. Nthawi ya kuundana, yolembedwa PT ndi aPTT pa pepala la ku labu, imatalika. Faibirinojeni ndiye amanyenga: mayi wa mimba yakutha amakhala ndi magalamu 4 mpaka 6 pa lita, ndiye 2 amene angaoneke wabwino kwa mwamuna, kwa mayiyu ndi chizindikiro cha ngozi yaikulu.

Tinene kuti mayi wathu apezeka ndi magazi 6 pa muyeso wa Hb, mapulatileti 48, PT yotalika. Adzalandira magazi ofiira, paketi iliyonse ikukweza Hb ndi pafupifupi 1. Adzalandira pulazima mamililita 15 pa kilogalamu: 15 kuchulukitsa ndi 60 ndi mamililita 900, pafupifupi mapaketi 4. Poti mapulatileti ali pansi pa 50 ndipo akutayabe magazi, afunikanso mapulatileti ngati alipo. Amenewa ndi ovuta kusunga, sapitirira masiku 5 ndipo salowa m'firiji. Magazi athunthu ongoperekedwa kumene, oyezedwa kale, ali ndi zonsezi pamodzi, pamene okhalitsa m'firiji amakhala atataya mphamvu ya mapulatileti ndi zomatira zina. Chiberekero chikakana kulimba, dokotala angachimange ndi ulusi ku fiyeta kapena kuchichotsa. Zonsezi ndi zobwezera zimene zatha. Chimene chimaimitsa vutolo ndi kutuluka kwa nsengwa ija, ndipo gwero likachoka, magazi amayamba kubwerera m'malo mwake m'maola otsatira, chiwindi chikamapanga zomatira zatsopano.

14. Lankhulani ndi abale musananyamuke, mwachidule ndiponso moona. Itanani mwamuna wake ndi apongozi pambali. Nenani kuti, "Bambo, mwana watisiya asanabadwe. Amayi ataya magazi ambiri, ndipo magazi awo asiya kugwirana. Afunika kuikidwa magazi usiku uno, ndipo mwina apita ku fiyeta." Tchulani fiyeta panopa, kuti chilolezo chikamafunika kumeneko asayambe kuimbira ankhoswe pakati pa usiku. Afunseni ngati mayi anamwa mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda, ndipo funsani mosaloza chala, chifukwa mukakalipa sakuuzani. Auzeni kuti nsengwa imamatuka kawirikawiri chifukwa cha bipi, kuti mayi asadzasenze mlandu kunyumba. Pemphani abale athanzi kuti akapereke magazi kunkhokwe ya bungwe la Zambia National Blood Transfusion Service. Afotokozereni kuti magazi awo ayamba ayezedwa ndipo sangalowe mwa mayiyu usiku womwewo, koma akabwezeretsa paketi imene iye wagwiritsa ntchito.

15. Akabwerera kwanu atatulutsidwa, yang'anani zimene timibulu tija tinasiya. Funsani za mkodzo, kuchuluka kwake ndi mtundu wake, ndipo onani ngati nkhope ndi mapazi zatupa, chifukwa impso ndi zimene zimavulala kawirikawiri. Gwirani zala za m'manja ndi za kumapazi: chala chozizira, chakuda kapena chadzanzi chibwerere kwa dokotala tsiku lomwelo. Yerekezani akatumba a miyendo yonse iwiri. Mwendo umodzi wotupa ndi wopweteka, kapena kubanika mwadzidzidzi, ndi mbulu wa mumtsempha waukulu, ndipo ngozi imeneyi imakhala yaikulu m'milungu 6 yoyamba. Yezani bipi ulendo uliwonse. Perekani mapiritsi oonjezera magazi kwa miyezi 3. Mayi amene mwana wake ali moyo koma mkaka sukutuluka n'komwe, kapena amene miyezi ikupita osasamba, ali wofooka ndi wozizidwa nthawi zonse, mutumizeni kwa dokotala, chifukwa kutaya magazi kwambiri kumatha kuwononga kachiwalo ka pansi pa ubongo kolamula zimenezi. Mayi wathu mawere ake adzadzaza pa tsiku lachitatu, mwana palibe. Muuzeni zimenezi zisanachitike, mumuonetse kumanga mawere ndi nsalu yothina bwino osafinya mkaka, ndipo mupatseni nthawi yokhala nanu pansi. Kambiranani za kulera asanachoke. Pachikuto cha khadi lake lembani ndi zilembo zazikulu kuti nsengwa inamatuka ndipo magazi analeka kuundana, kuti mimba yotsatira adzayambe sikelo mwezi woyamba kuzindikira, bipi iziyezedwa pafupipafupi, ndipo adzachilire kuchipatala chimene chili ndi fiyeta ndi nkhokwe ya magazi.